Inivoisi inapita ndi mitengo yolakwika, imelo yotumizira yokonzedwayo ndiilembe bwanji?

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa 3 Malichi tinatumiza inivoisi INV-0412 kwa kasitomala amene timamugulitsa zipangizo za mu ofesi. Lero pa 11 taona kuti mizere iwiri mwa itatu ili ndi mitengo yolakwika. Mapepala, mabokosi 40, analembedwa pa 4,500 m'malo mwa 5,400. Maenvelopu, mapaketi 100, analembedwa pa 350 m'malo mwa 300. Inki ya pulinta, 6 pa 12,000, ili bwinobwino. Manambalawa ndawasintha pang'ono, ndipo msonkho ndauika pa 10 pa 100 kuti kuwerengera kusavute. Inivoisi yakale ikubwera 315,700, yolondola ikubwera 349,800. Abwana ati ndilembe imelo ipite lero. Ndayamba chonchi:

"Okondedwa akasitomala athu, tikhulupirira kuti muli bwino. Choyamba tikuthokozeni chifukwa cha ubale wabwino umene wakhalapo pakati pathu. Ndife achisoni kwambiri kukudziwitsani kuti chifukwa cha mavuto ena amene anachitika mu ofesi mwathu, panali kulakwitsa pa inivoisi imene tinakutumizirani. Tikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Chonde landirani inivoisi yokonzedwa imene taiphatikiza."

Ikundiwonekera ngati yaulemu, koma mtima sukukhazikika.

Yamikani: Ulemu ulimo wokwanira maliro awiri, achemwali. Koma ndawerenga mpaka kumapeto osadziwa kuti ndilipire zingati.

Bambo Gondwe: Ine sindikuona chovuta apa. Tsegulani inivoisiyo, konzani mitengo iwiriyo, nambala ikhale yomweyo, mutumizenso n'kunena kuti yoyamba ija aitaye. Ine ndachita malonda zaka zambiri ndipo ndimatero. Komanso onani, 5,400 kuchotsa 4,500 ndi 900. Kusiyana kukamagawika ndi 9 popanda chotsala, ndiye kuti wolemba anatembenuza manambala, 54 n'kukhala 45. Ndi dzanja chabe linaterereka. Sizofunika kalata yaitali.

Chikondi: Bambo Gondwe, pa nambala yomweyo pokhapo ndikukanizani. Ine ndimakhala mbali inayo, ndimalandira mainivoisi n'kukonza malipiro. Ndikalowetsa inivoisi m'kompyuta, imayang'ana dzina la wogulitsa ndi nambala ya inivoisi. Ikapeza kuti zonse ziwiri zilimo kale, imakana, imati ndi yobwereza. Ndiye taganizani, pa desiki panga pali mapepala awiri, onse alembedwa INV-0412, lina 315,700, lina 349,800. Ine ndikhoza kukumbukira imelo yanu. Koma wosainira malipiro saiona imeloyo, amangoona pepala limene lamufika. Mwezi ukatha ngakhale ineyo sindingalumbire kuti lenileni ndi liti.

Bambo Gondwe: Makasitomala anga ambiri ndi anthu amene amalipira okha, alibe makompyuta okana zinthu.

Chikondi: Kwa oterowo zimayenda, sindikutsutsa. Koma a Tadala, kasitomala wanuyu ali ndi ofesi ya zachuma?

Tadala: Ali nayo. Wooda katundu ndi wina, wolipira ndi wina.

Nambewe: Tadala, musanakhudze imelo, yankhani kaye funso ili: mukudziwa bwanji kuti 5,400 ndiye mtengo wolondola? Sindikufunsa mndandanda wa mitengo umene uli mu ofesi mwanu, chifukwa kasitomala sanasainire mndandandawo. Ndikufunsa pepala limene iyeyo analiona n'kuvomera. Ngati kotesheni imene munampatsa inalembedwa 5,400, ndipo oda yake inabwera ndi 5,400, muli pabwino, imelo ingoloza pamenepo. Koma ngati kotesheni nayonso inali ndi 4,500, ndiye kuti inivoisi ija sinalakwike. Mtengo umene munagwirizana ndi womwewo, ndipo chimene mukufuna kulemba si kukonza inivoisi koma kupempha kukweza mtengo katundu atapita kale. Imeneyo ndi kalata ina, ndipo kasitomala akhoza kukana.

Tadala: Ndaziyang'ana zonse. Kotesheni QT-118 ya pa 20 Febuluwale ili ndi 5,400 ndi 300. Oda yawo, PO-7731, ili ndi mitengo yomweyo, ndipo anasaina.

Nambewe: Basi, mutu wachepa. Tsopano za 900 wa a Gondwe uja. Lamulo la 9 ndi loona, manambala akatembenuzidwa kusiyana kwake kumagawikadi ndi 9. Koma siligwira chobwerera, si kusiyana kulikonse kogawika ndi 9 kumene kwabwera ndi dzanja. Ndipo taonani mzere wachiwiri, 350 ndi 300, kusiyana ndi 50. Pamenepo palibe chotembenuzika. Mizere iwiri kulakwika pa inivoisi imodzi, wina kukwera wina kutsika, ine ndikukayikira mndandanda wakale. Mitengo yanu inasintha posachedwa?

Tadala: Inasintha pa 1 Febuluwale. Dikirani ndione. Eya, pa mndandanda wakale mapepala ndi 4,500, maenvelopu 350. Fayilo imene timapangira mainivoisi ikukokabe mitengo ku mndandanda wakalewo.

Bambo Gondwe: Chabwino, pamenepo mwandigwira mayi.

Nambewe: Ndiye vuto silili pa inivoisi imodzi. Yang'anani onse amene anatuluka kuyambira pa 1 Febuluwale okhala ndi mapepala kapena maenvelopu, makamaka a kasitomala yemweyu. Palibe chochititsa manyazi ngati kutumiza imelo yokonza lero, mawa n'kutumizanso ina yokonza inivoisi ina. Ngati pali zingapo za munthu mmodzi, zipite tsiku limodzi.

Mphatso: Pepani ndalowa mochedwa. Ine zinandichitikirapo. Kasitomala analipira mopitirira, ndiye ndinangomubwezera ndalama yake ndi risiti, nkhani inathera pomwepo. Mubwezereni basi, musachedwe, anthu amakwiya ndalama yawo ikakhalitsa.

Yamikani: Achimwene, werengani pamwambapo. Palibe chobweza. Kasitomala ndiye akuyenera kuwonjezera 34,100.

Mphatso: Aa, ndaona 350 ndi 300 ndiye ndathamanga. Ngati ndi choncho, bwanji osangoisiya? Kulakwa ndi kwanu. Kumuuza munthu kuti awonjezere ndalama chifukwa cha fayilo yanu, ine ndingachite manyazi.

Tadala: Abwana sangalole. Akuti pa mapepala phindu ndi lochepa kale, 900 pa bokosi ikapita ndiye kuti tagulitsa moluza.

Nambewe: Kusiya kapena kusasiya ndi chisankho cha abwana, osati cha wolemba imelo. Koma Mphatso, onani mbali inayo. Pa maenvelopu kasitomala anaumirizidwa 5,000 yopitirira. Simungasiye inivoisi ili chomwecho n'kumati mwamukomera mtima, chifukwa tsiku lina adzaona 350 pamene anasainira 300, ndipo sadzakumbukira kuti pa mapepala anapindula. Komanso simungakonze mzere wokukomerani wokha. Zonse ziwiri zilembedwe poyera. Kunena zoona mzere wa maenvelopuwo ukukuthandizani, ukusonyeza kuti mwabwereza inivoisi yonse moona mtima, simunangosaka pokweza.

Tsopano mapepala ake. Inivoisi ikatuluka m'nyumba n'kufika kwa kasitomala, saifufuta ndipo saisintha. Imakhalabe m'mabuku ndi nambala yake. Chimene mumachita ndi kutulutsa kirediti noti, pepala lochotsa ngongole, ya ndalama yonse 315,700, yotchula INV-0412, kuti ziwirizo zithane n'kutsala ziro. Kenako mutulutse inivoisi yatsopano ndi nambala yotsatira pa mndandanda wanu, ndipo pa inivoisi penipenipo palembedwe kuti ikulowa m'malo mwa INV-0412. Mawu amenewo asakhale mu imelo mokha. Monga wanenera Chikondi, imelo imatsala m'bokosi la munthu mmodzi, pepala ndi limene limayenda.

Bambo Gondwe: Mapepala atatu pa nkhani imodzi! Bwanji osangolemba kapepala kamodzi ka kusiyanako, 34,100, yakale ija ikhale momwe ilili? Debiti noti ntchito yake ndi imeneyo.

Nambewe: Njira imeneyo ilipo ndipo si yolakwika. Ukanakhala mzere umodzi wokha wokwera, ndikanavomereza. Apa pali wokwera 36,000 ndi wotsika 5,000. Mukalemba 31,000 ndi msonkho wake pa pepala limodzi, wowerenga sangaone kumene yachokera. Mukazilekanitsa, mukhala ndi debiti noti ya mapepala ndi kirediti noti ya maenvelopu, ndiye mwabwerera ku mapepala atatu omwe aja, koma popanda ndi limodzi lomwe losonyeza mitengo yofanana ndi oda.

Chikondi: Mfundo yomalizayo ndi imene imandikhudza ine. Ndisanalipire ndimaika zinthu zitatu pamodzi: oda yathu, pepala limene tinasainira polandira katundu, ndi inivoisi. Kuchuluka kwa katundu kufanane, mtengo ufanane. Inivoisi yatsopano yokhala ndi 5,400 ndi 300 igwirizana ndi PO-7731 mzere ndi mzere, ndimangoidutsitsa. Ya zigamba ija ndiyenera kutenga kakyuleta n'kulemba kalata yofotokozera wosaina.

Yamikani: Nanga amene amalemba `INV-0412-R1` aja? Ndimaziona kawirikawiri.

Chikondi: Kompyuta imailandira chifukwa nambala yasiyana, ndipo diso limaona msanga kuti ndi abale. Vuto ndi loti ikhoza kulandira zonse ziwiri, INV-0412 ndi INV-0412-R1, ngati ngongole ziwiri. Popanda kirediti noti yopha yoyambayo, m'mabuku mwanga muoneka kuti tili nanu ngongole ya 665,500. Ndinaonapo wogulitsa wina atalipidwa kawiri m'njira imeneyi, ndipo kuti ndalamayo ibwerere panadutsa makalata ambiri.

Nambewe: Ine R1 sindiikonda chifukwa imasokoneza kutsatana kwa manambala, koma sindingamenyane ndi munthu pa zimenezo bola kirediti noti ilipo. Chinthu china, Tadala: madeti. Kirediti noti ndi inivoisi yatsopano zikhale ndi deti la lero, 11 Malichi. Musabwezere m'mbuyo kuti zioneke ngati za pa 3. Mwayi wanu ndi woti zonse zagwera mwezi umodzi. Zikanadumphira mwezi wina, msonkho wa inivoisi yoyamba utawerengedwa kale, akauntanti wanu akanayenera kudziwa musanatumize chilichonse, popeza malamulo a kakonzedwe ka msonkho amasiyana dziko ndi dziko. Ngakhale pano muuzeni. Msonkho wasuntha kuchoka pa 28,700 kufika pa 31,800, ndipo kasitomala nayenso amagwiritsa ntchito nambala imeneyo m'mabuku ake.

Tadala: Akauntanti watulutsa CN-0027 ndi INV-0431. Ndapezanso mainivoisi ena awiri olakwika koma ndi a makasitomala ena, ndithana nawo pambuyo. Tibwerere ku imelo. Ndichotse chiyani?

Nambewe: Funso labwino ndi loti wowerenga akufuna chiyani. Munthu wa ku zachuma akatsegula imelo yanu ali ndi mafunso atatu: pepala lakufa ndi liti, lamoyo ndi liti, ndilipire zingati. Mayankho akhale m'mizere iwiri yoyambirira. Chifukwa chake chibwere pambuyo, kupepesa kubwere kamodzi. Mu imelo yanu ija mulibe nambala ndi imodzi yomwe. "Inivoisi imene tinakutumizirani", iti? Mwina mwawatumizira zisanu chaka chino. Ndipo "mavuto ena amene anachitika mu ofesi mwathu" akungodzutsa mafunso, munthu ayamba kuganiza kuti mwina kwabedwa. Nenani chimene chinachitika m'chiganizo chimodzi. Ine ndikanalemba motere.

Mutu: Inivoisi INV-0431 ikulowa m'malo mwa INV-0412 (oda yanu PO-7731)

"Mayi,

Inivoisi INV-0412 ya pa 3 Malichi, ya 315,700, yathetsedwa ndi kirediti noti CN-0027. Chonde musailipire. M'malo mwake tatumiza INV-0431 ya 349,800, kuphatikizapo msonkho.

Pa inivoisi yoyambayo mizere iwiri inatuluka ndi mitengo ya mndandanda wathu wakale, osati imene tinagwirizana pa kotesheni QT-118 ndi oda yanu PO-7731.

Mapepala, mabokosi 40: tinalemba 4,500, mtengo wolondola ndi 5,400. Mzerewu wakwera ndi 36,000.
Maenvelopu, mapaketi 100: tinalemba 350, mtengo wolondola ndi 300. Mzerewu watsika ndi 5,000.
Inki, 6 pa 12,000: sinasinthe.

Msonkho usanaikidwe, ndalama yonse yachoka pa 287,000 kufika pa 318,000. Ndi msonkho, kusiyana konse ndi 34,100. Kuchuluka kwa katundu sikunasinthe.

Taphatikiza INV-0431, CN-0027 ndi kotesheni QT-118. Pepani chifukwa cha ntchito imene takuwonjezerani. Chonde tiyankheni kuti mwalandira ndiponso kuti INV-0412 mwaichotsa pa zoyembekezera kulipidwa."

Kenako dzina lanu, udindo ndi foni.

Yamikani: Iyi ndiye ndawerenga mzere umodzi n'kudziwa chochita.

Mphatso: Koma siyauma kwambiri? Palibe ngakhale moni.

Nambewe: Moni wa mzere umodzi muike, sindikuletsa. Chimene ndikukana ndi ndime yathunthu ya moni ndi kuthokoza munthu asanaone nambala. Kupepesa katatu kumapangitsa kulakwitsa kuoneka kwakukulu kuposa mmene kulili, ndipo ena akaona mukugwada kwambiri amayamba kupempha kuti muchotseko mtengo.

Bambo Gondwe: Ine ndikanachotsa zoti "mndandanda wathu wakale". Mukumuuza kasitomala kuti posachedwapa mapepala anali 4,500. Mwampatsa ndodo yokumenyerani. Ati, ndigulitseni pa mtengo wakalewo.

Chikondi: Apa bambo ali ndi mfundo. Ngati ndi kasitomala wakale amadziwa kale kuti mitengo inakwera, palibe chobisa. Ngati ndi watsopano, mawuwo akhoza kutsegula nkhani imene inali yotseka.

Nambewe: Ndavomera theka. Mukhoza kulemba kuti "mizere iwiri inatuluka ndi mitengo yosiyana ndi imene tinagwirizana pa QT-118", n'kusiyira pomwepo. Ndi zoona ndipo n'zokwanira. Koma akafunsa kuti zinatheka bwanji, muyankhe zenizeni. Chimene sindingalole ndi kulemba kuti "kompyuta inalakwitsa", kapena kutchula dzina la mnzanu wa mu ofesi. Kasitomala sanagule kwa kompyuta kapena kwa kalaliki, anagula ku kampani. "Tinalemba" akukwana.

Tadala: Ndi kasitomala wa zaka zingapo, kalata yosintha mitengo analandira. Ndisiya mmene a Nambewe analembera.

Chikondi: Pali zinthu ziwiri zikusowabe. Choyamba, akaunti ya ku banki. Mwina simudziwa, koma kwa ife olipira, imelo yonena kuti "nayi inivoisi yokonzedwa, lipirani iyi" ndi imene timaiopa kwambiri, chifukwa akuba amalemba chimodzimodzi. Amatenga inivoisi yeniyeni, n'kusintha nambala ya akaunti, n'kuitumiza kuchokera ku adiresi yosiyana ndi yanu ndi chilembo chimodzi. Ndiye ikani mzere woti "akaunti yathu ya ku banki sinasinthe, ndi yomwe ili pa INV-0412". Mzerewo sutsimikizira kanthu pawokha, ine ndifananizabe ndi zimene zili m'kompyuta mwanga, koma umandiuza poyang'ana. Tumizani kuchokera ku adiresi yomwe inatumiza yoyamba ija. Ndipo imbani foni. Munthu akamva mawu amene amawadziwa, mantha amatha.

Chachiwiri, simukudziwa ngati alipira kale. Padutsa masiku 8. Muike chiganizo cha zimenezo: "Ngati mwalipira kale 315,700, tiiwerengera pa INV-0431, ndipo yotsala ndi 34,100."

Nambewe: Zonse ziwiri ndi zoona, ndinaziphonya. Chiganizo cha kulipira kalecho chibwere pamwamba, pafupi ndi "musailipire".

Yamikani: Funso langa ndi laling'ono. Adine `Reply` pa imelo yakale ija, kapena ayambe yatsopano?

Chikondi: Ine ndimakonda `Reply`, chifukwa mbiri yonse imakhala pamodzi ndipo ndimaona kuti yachokera kwa munthu yemwe uja. Koma mutu usinthidwe. Ukakhala `Re: INV-0412` basi, ndiganiza kuti mukungondikumbutsa kulipira, ndiisiya mpaka Lachisanu.

Yamikani: Mapulogalamu ena a imelo mukasintha mutu amaiyesa nkhani yatsopano, saiikanso pamodzi ndi yakale.

Chikondi: Zikatero palibe chatayika, mawu akale amakhalabe m'munsi mwake. Chachikulu ndi choti manambala onse awiri akhale pa mutu, kuti wosaka 0412 aipeze, wosaka 0431 aipezenso. Komanso maina a mafayilo. Musatumize `invoice.pdf` kapena `invoice final 2.pdf`. Akhale chonchi:

```
INV-0431.pdf
CN-0027_INV-0412.pdf
QT-118.pdf
```

Inivoisi yakale musaiphatikizenso. Ena amaiika poti "kuti mufananize", ndiye wina amasindikiza zonse n'kuika yakufayo pamwamba. Kufananiza kuli kale mu imelo. Ndipo zikhale PDF, osati fayilo yoti munthu akhoza kusintha manambala.

Bambo Gondwe: Itumizidwe kwa ndani? Ine ndimalembera mwini wake basi.

Nambewe: Kwa onse amene analandira yoyamba, osasiyapo ndi mmodzi yemwe, chifukwa amene mwamusiyayo ndi amene atsale ndi pepala lakufa. Apa ikhale kwa wolipira, wooda katundu akhale pa `Cc`. Woodayo ndi amene angauze mnzake kuti inde, 5,400 ndi imene ndinasainira.

Tadala: Chatsala ndi tsiku lolipira. Timapereka masiku 30. Pa inivoisi yakale linali 2 Epulo. Pa yatsopano kompyuta yaika 10 Epulo. Abwana akuti likhale 2 Epulo chifukwa katundu analandira kalekale.

Bambo Gondwe: Abwana anuwo akunena zoona. Katundu ali m'manja mwawo, akugwiritsa ntchito. Kulemba pepala lina sikusintha tsiku limene ngongole inayamba.

Chikondi: Kwathu masiku timawerenga kuchokera pa inivoisi yolondola. Mukhoza kulemba 2 Epulo, koma kompyuta yanga itenga deti la INV-0431 n'kuwonjezera 30. Simungandipatse pepala lolakwika kenako n'kundiwerengera masiku amene ndinakhala nalo.

Bambo Gondwe: Ndiye wogulitsa alangidwe masiku 8 pa cholakwa cha mizere iwiri?

Nambewe: Yankho lili pa zimene munagwirizana. Ngati kotesheni ikuti masiku 30 kuchokera pa deti la inivoisi, kasitomala ali ndi poimira akanena 10 Epulo. Ngati ikuti kuchokera tsiku lolandira katundu, a Gondwe apambana. Ine maganizo anga, pamene mukupempha munthu kuti awonjezere 34,100, kulimbirana masiku 8 n'kudzipweteka. Koma chilichonse chimene abwana asankhe, deti lilembedwe mu imelo ndi manambala, ndipo lifanane ndi limene lili pa inivoisi. Imelo isanene 2 pamene pepala likunena 10.

Tadala: Kotesheni yangoti "masiku 30", osanena kuchokera liti.

Yamikani: Ndiye mwapeza chinanso chokonza pa fayilo ija.

Tadala: Ndabwerako ku foni. Chikondi, munalosera. Mayi wa ku zachuma uja akuti analipira 315,700 dzulo masana, kungoti sinaonekebe ku akaunti yathu. Sanakwiye, wati nditumize mapepala aone. Ndiye kirediti noti ija yakhalanso yolakwika?

Chikondi: Kwathu sikanadutsa, mitengo yosiyana ndi oda choncho! Koma zimachitika, ena amangoyang'ana nambala ya oda ndi dzina.

Bambo Gondwe: Mwaona? Mukanamvera ine, bwenzi pano mukungotumiza kapepala kamodzi ka 34,100. Inivoisi yakale yalipidwa, yatsekeka, chatsala ndi kusiyana.

Nambewe: Tikanadziwa m'mawa kuti alipira, njira yanu ikanakhala yaifupi, sindikana. Foni ija imayenera kuimbidwa mapepala asanatuluke. Koma CN-0027 yatuluka kale, ndipo kuithetsanso ndiye kuwunjika pepala pa pepala. Sinalakwike. M'buku la kasitomalayu muli INV-0412 ya 315,700 ndi CN-0027 yoichotsa, zatha. Mwatsala INV-0431 ya 349,800 ndi malipiro a 315,700. Akauntanti alumikize malipirowo ku INV-0431, yotsala ndi 34,100. Chosintha ndi imelo yokha. "Musailipire" achoke. Chiganizo cha "ngati mwalipira kale" chisakhalenso ndi "ngati". Ndime yoyamba ikhale motere:

"Monga takambirana pa foni lero, inivoisi INV-0412 yathetsedwa ndi CN-0027 ndipo INV-0431 ya 349,800 yalowa m'malo mwake. Ndalama 315,700 imene mwatiuza kuti munatumiza pa 10 Malichi tiiwerengera pa INV-0431 ikangofika. Yotsala kulipira ndi 34,100."

Onani kuti ndalemba "imene mwatiuza kuti munatumiza". Musalembe "talandira" ndalama isanaoneke ku banki.

Chikondi: Ndipo muwapemphe kuti polipira 34,100 alembe INV-0431, kuti ikafika musayambe kufunsana kuti ndi ya chiyani. Mbali yawo nawonso ali ndi ntchito, malipiro awo analumikizidwa ku INV-0412, ayenera kuwamasula n'kuwaika ku yatsopano. Ndalama ikaoneka, atumizireni sitetimenti yosonyeza mizere inayi ija. Imathandiza kuposa kufotokoza kulikonse.

Mphatso: Ine ndikuonabe kuti 34,100 yokhayo mukanangoisiya, poti munthu walipira msanga chonchi.

Tadala: Ndawauza abwana maganizo amenewo, angondiyang'ana. Pa deti avomera 10 Epulo, ati poti yaikulu yabwera kale. Imelo yapita ndi mafayilo atatu, wooda katundu ali pa `Cc`. Tsopano ndikuyamba za makasitomala awiri aja. Mmodzi ndi wa maenvelopu okhaokha, ndiye ndife oyenera kubweza, ndipo inivoisi yake ndi ya mu Febuluwale.

Nambewe: Ya mu Febuluwaleyo musatulutse kanthu musanakhale pansi ndi akauntanti, msonkho wa mwezi umenewo ukhoza kukhala utawerengedwa kale. Ndipo imbani kaye foni.

Mphatso: Ya kubwezayo mundifunse ine.